Ku Tete kuno ulemu wathu ukutidyera malonda

Achibale kumudzi amayesa kuti ife amene tinadutsa pa chipata cha Dedza n'kudzakhazikika ku Tete timangotola ndalama za malasha. Ine ntchito yanga ndi kupikula kachewere ndi kabichi ku Angonia n'kukaperekera m'makhitchini a makampani ku Moatize, ndipo ndikuuzeni, chimene chimanditopetsa kuposa matumba ndi dzuwa la kuno ndi kusinthasintha kalankhulidwe pa khomo lililonse limene ndagogoda.

Yambani ndi abale athu a ku Mozambique konkuno. Munthu akangomaliza digiri yoyamba ku yunivesite, ameneyo ndi Dotolo, ngakhale sanagwirepo jakisoni. Wa zomangamanga kapena za migodi ndi Sinyolo Enjenyelu, ndipo mayi wa mu ofesi mumayamba ndi Dona kenako dzina lake loyamba. Mukalowa n'kungoti "abwana" monga timachitira ku Lilongwe, palibe amene angakukalipireni. Mudzangoona kuti pepala lanu la mitengo lakhala pansi pa mapepala ena, ndipo mlembi akukuuzani tsiku lililonse kuti mubwere mawa. Chimandiwawa n'choti ambiri mwa iwowa ndi a ku Ulongwe kapena ku Tsangano, kunyumba kwawo amalankhula chinenero chathu chomwechi. Koma mu ofesi muyambe ndi Chipwitikizi ndi udindo wake wonse. Chichewa muyembekeze mwini wake achiyambe yekha, nthawi zambiri pokuperekezani pakhomo.

Mwaziloweza zimenezo, mukukumana ndi wa ku Brazil. Iye akukugwirani paphewa, akufuna mumutchule dzina lake loyamba ngati munakulira limodzi, ndipo "vose", kutanthauza "iwe" m'Chipwitikizi chawo, kwa iye ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Mawu omwewo mukawanena kwa mkulu wochokera ku Portugal, nkhope imasintha, chifukwa kwawoko ambiri amawamva ngati chipongwe. Ndiye mu 2022 mgodi waukulu wa Moatize utachoka m'manja mwa Vale ya ku Brazil kupita kwa Vulcan ya amwenye, tinayambanso sukulu ina: Chingerezi, "sala" pa chiganizo chilichonse, ndipo kwa mayi osayamba ndinu kutambasula dzanja.

Koma pamene timaluza ndalama zenizeni ndi pa kuyankha. Mlamu wanga wina anapeza mwayi pa kampani ina yophikira antchito, yomwe wogula katundu wake anali mzungu wa ku Joni. Anakumana naye pa chionetsero cha malonda, n'kupatsana manambala. Lolemba mzungu uja anaimba, osafunsa n'komwe kuti kwacha bwanji: matumba 40 a kachewere, afike Lachisanu m'mawa, zitheka? Inali nthawi ya dzinja, misewu ya kuminda itaterera, ndipo alamuwo ankadziwa bwino kuti alimi awo sangapitirire matumba 25. Anayankha monga mwana woleredwa bwino amayankhira wamkulu: "Tiyesetsa bwana." Kwathu aliyense akamva mawu amenewo amadziwa kuti pali vuto, amafunsa kuti nanga mungakwanitse angati. Mzungu uja anamva kuti inde, n'kuleka kufunafuna kwina. Lachisanu galimoto inafika ndi matumba 25, ophika anasowa chopatsa anthu kumapeto kwa sabata, ndipo foni ya alamu sinalirenso. Pamwamba pa izo anawatcha abodza, munthu amene ankangopewa kukana wamkulu pamaso.

Zikanatheka kupulumutsa malondawo ndi mawu ochepa: matumba 25 Lachisanu, 15 otsalawo Lachiwiri, mtengo ndi uwu. Anthu otere akakufunsani kachiwiri funso lomwelo, kapena akati "ndiye ndilembe angati?", dziwani kuti ulemu wanu sanaumve, akufuna nambala ndi tsiku. Ine masiku ano ndikangodula foni ndimatumiza uthenga wolemba manambalawo, kuti pasakhale zoti ndinamva mwina. Koma kalankhulidwe komweko kolunjika mukakapita nako kwa Dotolo uja, osayamba mwafunsa za thanzi lake ndi la kunyumba, mwaoneka wamwano, wongofuna ndalama.

Ndiye funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani amene amapindika nthawi zonse ndi ife? Ine ndaphunzira Chipwitikizi cha mu ofesi, Chinyungwe cha pamsika, Chingerezi cha pafoni. Ndimadziwa woti ndimuyang'ane m'maso ndi woti ndimuweramire. Koma munthu wakhala zaka m'dera lino, akudya kachewere wolimidwa ndi Achewa ndi Angoni, ndipo sanavutikepo kufunsa chifukwa chake timalandira khadi lake ndi manja awiri, kapena chifukwa chake mnyamata amayang'ana pansi polankhula naye. Amangoti akubisa kanthu, ameneyu ngosadalirika. Mnyamata wotereyo ntchito amamumana, n'kupatsa wina wodziwa kukweza mawu amene katundu wake ndi wovunda theka.