Chenjezo kwa eni makina ochapira: fungo la chuku likuchokera mu dilowa ndi m'labala wa pachitseko

Abale anga, mukuti makina anu ochapira akalamba chifukwa zovala zikutuluka ndi fungo la chinyezi ndiponso madontho akuda. Makinawo sanakalambe, muwasiya auve ndinu. Munagula chipangizo cha ndalama zambiri, koma chaka chatha osasololako dilowa yothiramo sopo, osasuzumirako m'mapindo a labala wa pachitseko. Ndikunena za makina otsegulira kutsogolo aja. Malo awiriwa amafuna kutsukidwa kamodzi pamwezi, ndipo mphindi 20 zimakwana.

Poyamba zulani pulagi pasoketi. Kokani dilowa mpaka pomwe yakanira, koma musachite kulimbana nayo, muthyola pulasitiki. M'chipinda cha mankhwala ofewetsera zovala, chomwe chili ndi chizindikiro cha duwa, muli podina, pena polembedwa PUSH. Dinani pamenepo ndi chala, dilowa yonse ituluka. Iviikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10, kenako ikwecheni ndi mswachi wakale m'makona monse mwa zipinda zolembedwa I ndi II.

Chimene ambiri amachiphonya ndi kachivindikiro ka m'chipinda cha duwacho. Kamavundikira kapaipi kamene kamakoka mankhwala pamodzi ndi madzi kupita nawo ku zovala potsukuluza komaliza. Mankhwala ofewetserawa ndi onanda, akauma amagwirana ngati phala logona, kapaipiko n'kutsekeka. Mudzadziwa mukaona madzi atadzaza m'chipindacho makina atamaliza kuchapa. Zulani kachivindikiroko, tsukani mkati mwake ndi m'kapaipi mpaka madzi azidutsa, ndipo pobwezera kakanikizeni kakhale bwino.

Dilowa ili kunja choncho, weramani muunike ndi tochi m'bowo lomwe yachokeramo. Kudenga kwake kuli timabowo topopera madzi, ndipo nthawi zambiri n'kwakuda bii ndi chuku. Timabowoti tikatsekeka, madzi safika bwino pa sopo, safu amatsalira m'dilowa atawumbika, pena madzi amayenderera kutsogolo kwa makina. Kwechani kudengako ndi mswachi womwewo, mupukute ndi kansalu.

Tsopano labala. Tsegulani chitseko, mufunyulule pindo lake ndi zala, makamaka cha m'munsi. Mupezamo madzi otuwa, tsitsi, ulusi, ndalama zachitsulo, mapini, ngakhale kasokosi ka mwana komwe munakafunafuna mpaka kukalipira wantchito. Pansi penipeni pali timabowo totulutsira madzi. Tikatsekeka, madzi a sopo amagona m'pindomo, chuku n'kumera. Ndalama ndi mapini zimachita dzimbiri, zimathimbiriritsa labala, ndipo pini ikamuboola madzi amayamba kudontha pansi. Pamenepo palibenso kutsuka, ndi kugula labala wina n'kulipira mmisiri. Pakadafunda padajiwitsa galu, musamati mwezi wamawa.

Tolani zinyalala zonse, tsegulani timabowoto ndi kathonje kapamtengo kotokosera m'khutu, mupukute mozungulira ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale. Ngati chuku chakanirira, sungunulani masupuni akuluakulu atatu a jiki mu lita imodzi ya madzi, valani magolovesi, tsegulani mawindo, pakani pa labala, dikirani mphindi 5, kenako mupukute ndi madzi oyera ndi kuumitsa. Madontho ena akuda akalowerera m'labala sachokanso, ndiye musawapale ndi mpeni kapena waya wokwechera mapoto, mungong'amba labala.

Apa mundimvetsetse bwino: jiki ndi viniga zisakumane. Mukazisakaniza zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso, mmero ndi mapapo. Ena amapaka viniga, aona kuti sizikuyera, nthawi yomweyo n'kuthirapo jiki, ali m'kachipinda kotsekeka. Kumeneko n'kusewera ndi moyo. Viniga wosasungunula womasiyidwa pa labala mwezi ndi mwezi amamufooketsanso.

Mukatha, bwezerani dilowa, lowetsani pulagi, muyendetse makina opanda chovala pa madigiri 60 kapena 90, kapena sankhani Drum Clean ngati ilipo. Kuchapa ndi madzi ozizira okhaokha kumasiya mafuta ndi sopo zitamatirira mkati, madzi otentha ndi amene amazisungunula.

Uve umenewu gwero lake lalikulu ndi dzanja lolemera pothira sopo. Thovu lambiri si ukhondo. Safu wochapira pamanja musamuthire m'makinawa, amachita thovu lopyola muyeso. Gulani wa makina, muyeze monga alembera papaketi, ndipo mankhwala ofewetsera asapitirire mzere wa MAX. Mukachotsa zovala, pukutani m'pindo la labala, musiye chitseko ndi dilowa zili zotsegula pang'ono kuti mkati muume, makamaka m'dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi. Koma pakhomo pomwe pali ana aang'ono, tsekani chipinda chomwe muli makinawo, chifukwa mwana atha kukwera n'kulowa m'makinamo.