Chithunzi cha mkaka pa paketi ya mabisiketi chisatipusitse

Maganizo anga ndi akuti tisamagulire ana mabisiketi poona chithunzi cha kutsogolo. Tembenuzani paketi, muwerenge timalemba ting'onoting'ono tonena zimene athiramo. Mndandanda umenewo salemba mwachisawawa. Malamulo a padziko lonse okhudza zakudya otchedwa Codex Alimentarius, amene mayiko ambiri amatsatira, amati wopanga ayambe ndi chinthu chimene chinalemera kwambiri pa nthawi yosakaniza, n'kumatsika mpaka chochepetsetsa.

Tiyerekeze kuti paketi ili ndi chithunzi cha kapu ya mkaka, koma kumbuyo alemba motere: ufa wa tirigu, mafuta, shuga, manyuchi a gulukosi, mchere, soda, mkaka waufa, zonunkhiritsa. Zitatu zoyambazo ndiye bisiketiyo. Mwana akudya ufa, mafuta ndi shuga basi.

Tsono funani pamene pali mchere. Mu bisiketi yotsekemera mchere umakhala wochepa kwambiri, kawirikawiri pafupifupi galamu 1 pa magalamu 100 kapena kucheperapo, chifukwa ukachuluka siingadyeke. Chilichonse cholembedwa pambuyo pa mchere sichingaupose kulemera. Ndiye ngati mkaka uli kuseri kwa mchere, anangowazamo pang'ono kuti dzina lipezeke. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa mayi amene wasankha paketi yodulirapo amakhulupirira kuti mwana wake akapita nayo kusukulu wadyako mkaka.

Pa shuga m'pofunika kuchenjera kwambiri. Shuga amatha kulowa ndi mayina angapo, monga gulukosi, manyuchi kapena uchi, ndipo dzina lililonse limakhala pa malo akeake. Tinene kuti pa magalamu 100 athira mafuta 20, shuga 18 ndi manyuchi a gulukosi 7. Mafuta alembedwa patsogolo, ndipo wopanga sananame. Koma mukaphatikiza zotsekemerazo zikukwana 25, kuposa mafuta aja. Mabisiketi okhala ndi kirimu pakati nawonso amabisa shuga wina, chifukwa zosakaniza za kirimuyo nthawi zina amazilemba pazokha m'mabulaketi.

Mndandandawu uli ndi malire ake. Umakuuzani chimene chikuposa chinzake, koma kawirikawiri sunena kuti chikuposa ndi zingati. Ufa ukhoza kukhala theka la bisiketi, ukhozanso kupitirira apo, ndipo pa mndandanda zioneka chimodzimodzi. Apa m'pamene kabokosi ka manambala osonyeza kuchuluka kwa shuga, mafuta ndi zina kamathandiza, ngati kalipo. Onani shuga pa magalamu 100, osati pa bisiketi imodzi kapena ziwiri, chifukwa ndani amatsegula paketi n'kudya ziwiri zokha? Kasipuni ka tiyi kamatenga shuga pafupifupi magalamu 4, choncho mukaona 24 ndiye kuti timasipuni 6.

Mabisiketi amene amagulitsidwa m'timapepala topanda malemba aliwonse, amenewo ine sindigulira mwana, makamaka ngati thupi lake limadana ndi mtedza, mazira kapena mkaka. Palibe poyambira kuwerenga.