Ogulitsa zipangizo zaulimi, tisamangowerenga ndalama za m'dilowa

Anzanga amene muli ndi mashopu a mbewu, feteleza ndi mankhwala muno mu Mzuzu, ambiri a ife tikamatseka madzulo timawerenga zomwe zalowa tsikulo, n'kulemba m'buku, basi. Nambala imeneyo imasangalatsa mu Disembala ndipo imakhumudwitsa mu Julayi, koma siyikuuza choti uchite mawa. A m'maofesi amakamba za ma KPI, omwe ndi manambala oyezera momwe bizinesi ikuyendera, ena amatchula khumi ndi kuposa. Maganizo anga ndi akuti shopu yaing'ono ikufunika manambala atatu okha, ndipo iliyonse ikhale yoti ikasintha, nawenso usinthe oda kapena mtengo.

Yoyamba, yomwe ndimayiona kuti ndi yaikulu, ndi masabata omwe katundu watsala nawo kuti athe. Tenga kuchuluka kwa katundu amene ali m'shopu, ugawe ndi amene ukugulitsa pa sabata. Yankho lakelo uliyerekeze ndi masabata omwe atsala kuti nyengo ya katunduyo ithe.

Tiyerekeze kuti ndi pakati pa Disembala, mvula yagwa, ndipo uli ndi mapaketi 120 a mbewu ya chimanga. Sabata yathayi wagulitsa 20. Ndiye kuti mbewuyo ikufuna masabata 6 kuti ithe. Koma alimi a ku Ekwendeni ndi madera ozungulira akhala atamaliza kubzala m'masabata atatu okha. Mapaketi 60 akutsalira, mwinanso kuposa, chifukwa kumapeto kwa kubzala malonda amazirala. Mbewu si shuga woti ungamusunge mpaka chaka chamawa. Ndi chinyezi cha kuno mphamvu yake yomera imatsika, ndipo mlimi amene wagula mbewu yosamera sabweranso, amakauzanso mudzi wonse. Choncho nambalayi ikukuuza lero lomwe kuti usaodenso mbewu, utsitse mtengo anthu akadali kubzala, ndipo ndalamayo uyiike ku yuliya. Feteleza wobereketsayu amafunika patatha pafupifupi masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, nthawi yomwenso anthu amayamba kufunsa mankhwala a ntchemberezandonda.

Kuwerengaku kumagwiranso ntchito mbali inayo. Ngati yuliya watsala wa sabata imodzi pomwe oda yako imatenga masiku khumi kuti ifike kuchokera ku Lilongwe, wachedwa kale. Koma usawerenge shopu yonse pamodzi ayi. Sankha zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwe zadya mpamba wambiri, uziwerenge Loweruka lililonse. Makasu ndi makheni sawola, angadikire kutha kwa mwezi.

Yachiwiri ndi phindu pa thumba, koma powerengera mtengo woodera wa lero, osati womwe unaodera. Apa ndi pomwe mpamba umathera mwakachetechete. Tiyerekezenso kuti thumba la makilogalamu 50 unalioda pa K100,000 ndipo waligulitsa K108,000. Buku likuti wapindula K8,000. Ukuimba foni kooda, akuti tsopano ndi K110,000, thiransipoti ndi onyamula ndi K3,000. Thumba lolowa m'malo mwake likufuna K113,000, iwe uli ndi K108,000. Wagulitsa matumba 100, koma ndalamayo ikugula 95 okha. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, akudziwa momwe izi zimapwetekera. Ine ndimati funsa mtengo wa kooda sabata iliyonse, ngakhale ulibe oda, ndipo mtengo wa pashelefu uzitsatira umenewo. Makasitomala adandaula, n'zoona, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa nawonso zinthu zawathina. Komabe shopu ikagwa, azikagula kutali ndi mtengo wokwereranso.

Yachitatu ndi ngongole zomwe zadutsa tsiku lolonjezedwa. Chiwerengero cha ngongole zonse sichinena zambiri. Mlimi wa nkhuku amene amatenga chakudya n'kulipira akagulitsa mazira Lachisanu si vuto. Vuto ndi uja anati alipira pakutha pa mwezi, ndipo miyezi iwiri yadutsa. Lemba tsiku pambali pa dzina lililonse, ndipo udziikire malire. Mwachitsanzo, ngongole zochedwa zikaposa phindu la mwezi umodzi, palibe wotenganso katundu pangongole mpaka zitatsika, kaya ndi mlamu kaya ndi wa kutchalitchi. Wa chimanga amene akuti adzalipira akakolola, dziwa kuti ndalamayo udzayiona cha mu Juni, pomwe mu Meyi umafunika mpamba wa masaka ndi mankhwala a anankafumbwe.