Dzina la mlendo funsani kwa mwini wake, osati kwa pepala

Anzanga otsogolera miyambo, owulutsa mawu pa wailesi, ngakhale inu amene mumapatsidwa maikolofoni ku tchalitchi kuti mulandire alendo, ndili ndi maganizo pa chizolowezi china chimene chatilowerera. Munthu amafika pa dzina lachilendo, n'kuyamba ndi mawu akuti "mundikhululukire ngati sinditchula bwino," kenako n'kuliphwanya dzinalo, anthu n'kuseka. Ine kupepesa kumeneku sindikuvomereza. Pulogalamu munailandira dzana, ndipo dzinalo linali pomwepo. Kupepesa musanatchule kumangouza mlendoyo kuti munaliona dzina lake koma simunafune kulivutikira.

Ifenso timadziwa mmene zimamvekera. A Phiri akapita kunja amaitanidwa kuti a Firi, chifukwa kumeneko ph amamuwerenga ngati f. A Ng'oma amasanduka a Ngoma kungochoka kachizindikiro kamodzi pa pepala. Munthu amayankha ndithu, koma mumtima amadziwa kuti amene akuitanidwayo si iye kwenikweni.

Mfundo yanga ndi imodzi: malembo a dzina sakuuzani katchulidwe kake. Amene angakuuzeni ndi mwini dzina. Taonani dzina lakuti Julia. Mjeremani amati Yuliya, wa ku Spain amati Huliya, Mngelezi amati Juliya, ndipo wolankhula Chipwitikizi amaliyamba ndi liwu lina limene ndilifotokoza pansipa. Malembo ndi omwewo, anthu anayi, katchulidwe kanayi. N'chifukwa chake kufufuza pa intaneti kokha sikukwanira. Kumakuthandizani kuyandikira, koma sikukuuzani kuti mayi amene akhale pa mpando wakutsogolo mawa amalitchula bwanji dzina lawo.

Tiyerekeze kuti mukutsogolera msonkhano wa amalonda ku Dedza kapena ku Mwanza, ndipo mlendo wolemekezeka akuchokera ku Tete. Pa pulogalamu alembapo João Gonçalves. Maso a Mchewa akaona dzina limeneli, pakamwa pamatuluka Jowawo Gonikalivesi. Palibe liwu limodzi mmenemo limene mwini wake angalizindikire msanga.

Choyamba ndi kufunsa, ndipo funsani kudakali masiku, osati mlendo akutsika m'galimoto. Lemberani amene akukonza mwambowo kapena mlembi wa mlendoyo, mupemphe kuti mwini dzina ajambule mawu ake pa WhatsApp. Musapemphe kuti akulembereni katchulidwe, chifukwa adzalemba motsata malembo a chinenero chawo ndipo mudzabwerera pomwe munali. Pemphani mawu, atchule kawiri: kamodzi pang'onopang'ono, kamodzi mmene amatchulira akamadzidziwitsa kwa anthu. Kawiri kameneka n'kofunika chifukwa munthu akamatchula pang'onopang'ono amatulutsa malembo ena amene amawameza polankhula mwachizolowezi. Koyambako kumakuthandizani kumva zidutswa za dzina, kachiwiriko ndiye kamene mudzatsanzire pa maikolofoni.

Anthu ena amachita manyazi kufunsa, poganiza kuti aoneka osadziwa zinthu. Ine sindinakumanepo ndi mlendo amene anakwiya chifukwa chofunsidwa dzina lake. Ambiri amasangalala, makamaka amene maina awo amaphwanyidwa kulikonse kumene apita. Mawu ake ndi ochepa: "Bwana, ndikufuna ndikutchuleni bwino mawa, munganditchulireko dzina lanu?" Basi. Ngati mwini wake sakupezeka, funsani amene amagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati ndi munthu wodziwika, fufuzani kanema amene iye mwini akudzitchula, osati amene mtolankhani wa dziko lina akumutchula, poti mtolankhaniyo mwina nayenso anangoganizira.

Pofunsapo, funsaninso kuti dzina loitanira ndi liti. Mkulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2017, Tedros Adhanom Ghebreyesus, amatchedwa Dokotala Tedros, chifukwa pa chikhalidwe cha ku Ethiopia ndi Eritrea dzina lachiwiri ndi la bambo, lachitatu la agogo, ndipo munthu amaitanidwa ndi dzina lake loyamba. Ku China dzina la banja limayamba, choncho Xi Jinping ndi a Xi, osati a Jinping. Mukhoza kuvutika usiku wonse ndi dzina lalitali lakumapeto pomwe mwini wake saligwiritsa ntchito n'komwe poitanidwa.

Mawu aja akafika, mverani kangapo musanagwire cholembera, ndipo dzina lolembedwa lija libiseni kaye. Mukamamvera mukuliyang'ana, maso amapambana makutu, mumamva zimene mukuwerenga. Lembani zimene mwamva m'kalembedwe ka Chichewa, chifukwa ndi kamene pakamwa panu pamawerenga mosaganizira. Kalembedwe kathu kali ndi ubwino woti lembo lililonse la liwu limamveka mofanana nthawi zonse: a ndi a, e ndi e. Chingelezi sichitero, ndiye kulemba chithandizo chanu m'Chingelezi n'kudziwonjezera vuto lachiwiri.

Dulani dzinalo m'maphatikizo, ndipo phatikizo limene mwini wake amatsindika mulilembe ndi malembo aakulu. Mlendo wathu wa ku Tete pa pepala langa aoneka chonchi:

João Gonçalves (Zhu-WAU Gon-SAL-vesh)

Tiyeni tione mmene zafikira pamenepa. J wa Chipwitikizi si j wa mu jekete. Ndi liwu la sh, koma kukhosi kukunjenjemera. Ikani chala pakhosi, nenani sh motalikitsa, kenako tulutsani mawu mpaka chala chimve kunjenjemera. Ine ndimalemba zh kuti ndikumbukire. Kachizindikiro kopindika pamwamba pa a kakutanthauza kuti mpweya wina utulukire m'mphuno, ndiye WAU ameneyo amamveka ngati akufuna kuthera pa ng' koma osafikapo. C wokhala ndi kamchira pansi ndi s nthawi zonse, si k ayi. Kumapetoko ena amati vesh, ena vish, ena ves, malinga ndi kwawo, ndipo apa ndi pamene mawu ojambulidwa aja amagamula mlandu. Mukadziwanso kuti ch wa Chipwitikizi ndi sh, mudzamvetsa chifukwa chake anzathu a ku Mozambique amati Shisano potchula Joaquim Chissano, pomwe kuno tinazolowera Chisano.

Chithandizo chimenechi chilembeni pambali pa dzina lenileni, musafufute dzinalo. Ndipo chilembeni paliponse pamene dzinalo likupezeka, pa tsamba loyamba, pa lachitatu ndi pothokoza kumapeto. Ambiri amalemba koyamba kokha, amatchula bwino polandira mlendo, koma pakadutsa maola awiri atatopa, maso amagwera pa malembo enieni ndipo Gonikalivesi uja amabwerera. Pepala lanu likhale losiyana ndi pulogalamu yogawira anthu, malembo ake aakulu oti muwaone mutaimirira. Ngati pali wina wodzathokoza alendo kapena wotanthauzira, mupatseni chithandizo chomwecho, kuti mlendo mmodzi asakhale ndi maina atatu pa mwambo umodzi.

Tsopano kuyeserera, kumene ambiri amakudumpha. Kuwerenga chamumtima si kuyeserera. Mutu ukhoza kudziwa dzina pomwe lilime silinalipangepo, ndipo pa maikolofoni chimagwira ntchito ndi lilime. Tchulani mokweza, mutaimirira, ndi mphamvu imene mudzalankhulire pa mwambopo. Yambani ndi phatikizo lomaliza n'kumabwerera m'mbuyo: vesh, SAL-vesh, Gon-SAL-vesh. Njira imeneyi imathandiza chifukwa kumapeto kwa dzina ndi kumene timakonda kupunthwa, ndiye mukayambira kumeneko mumakhala mukulowera ku gawo limene mwalizolowera kale.

Dzina likakhazikika palokha, liikeni m'chiganizo chake chenicheni: "Tiyeni tiwalandire ndi m'manja a João Gonçalves, ochokera ku Tete." Apa ndi pamene pamaonekera zizolowezi za lilime lathu. Chichewa chimafuna kuti phatikizo lililonse lithere pa lembo la liwu, n'chifukwa chake James timati Jemusi. Dzina likazunguliridwa ndi mawu a Chichewa, lilime limafuna kuwonjezera i kumapeto ndi pakati, SAL n'kukhala sali, vesh n'kukhala veshi. Timakondanso kutalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho João, amene kutsindika kwake kuli kumapeto, timamukokera kutsogolo. Palinso l ndi r, amene kwa ife ndi liwu limodzi koma kwa alendo ambiri ndi awiri. Zitatu zimenezi simungazimve mukulankhula. Dzijambuleni pa foni, mumvere mawu anu kenako a mwini dzina, motsatizana. Ngati maphatikizo anu achuluka kuposa ake, mwalowetsa malembo a liwu osafunika. Gonçalves ali ndi atatu. Mukawerenga asanu, bwererani.

Chizindikiro china choti simunakonzeke ndi kaimidwe kakang'ono musanafike pa dzina, kapena kutsitsa mawu ndi kulithamangitsa kuti lidutse msanga. Omvera amazimva zimenezi ngakhale atakhala kuti dzinalo salidziwa. Yesererani mpaka chiganizo chonse chizituluka ndi mpweya umodzi, madzulo ake komanso m'mawa wa tsikulo.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndiwanene. Pali mawu ena amene lilime lozolowera Chichewa silingawaphunzire usiku umodzi. Alendo ochokera ku South Africa kapena ku Bulawayo akhoza kukhala ndi maina ngati Xolani kapena Nqobile, mmene x ndi q ndi mawu othetheka ndi lilime, kapena Hlengiwe, amene hl wake amatuluka mpweya ukudutsa m'mbali mwa lilime. Yesani ndithu, ndipo hl ameneyo ambiri amamugwira akaonetsedwa. Koma ngati kuthetheka kukukanikani, musakakamize pagulu mpaka kukhala ngati sewero. Muuzeni mwini wake mosabisa, mutchulireni mmene mukuthera, mumufunse kuti pa katchulidwe koyandikira angakonde kati. Iye akhala atamvapo kambiri, ndipo amadziwa kamene amakalola ndi kamene kamamunyansa.

Musaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya alendo akunja okha. Wotsogolera mwambo wa ku Zomba akhoza kupunthwa pa Mwakasungula ngati sanalidule kuti Mwa-ka-su-ngu-la, ndipo wotaipa pulogalamu akasiya kachizindikiro mu M'mbelwa kapena Ng'ambi, woliwerenga koyamba amasochera. Maina a kwathu nawonso afunseni, pamodzi ndi maudindo ake, makamaka a mafumu.

Nanga mlendo akasinthidwa mwadzidzidzi, mwapatsidwa kapepala mwambo uli pafupi kuyamba? Pitani pamene wakhala, gwadani pang'ono, mufunseni chapansipansi, mubwereze iye akumva mpaka avomere ndi mutu, kenako lembani maphatikizo aja pa pepala lanu musanabwerere kutsogolo. Zimenezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo ngati lilime laterereka muli pa maikolofoni, tchulaninso dzinalo molondola kamodzi, nenani "pepani bwana," n'kupitiriza ndi pulogalamu osalisandutsa nthabwala.