Musasaine kalata ya ntchito musanawerengere yomwe idzatsale m'thumba

Ndikulemba izi chifukwa cha zomwe zinachitika kunyumba kwanga mu 2024, ndipo mpaka lero ndikaona wachinyamata akusangalala ndi nambala yolembedwa pa kalata ya ntchito mtima umandiwawa. Maganizo anga ndi akuti nambala ya pakalata siyoyenera kusankhira ntchito. Yosankhira ndi ndalama yomwe imatsala msonkho, penshoni, minibasi ndi nkhomaliro zitatenga gawo lake.

Mwana wa achemwali anga, mtsikana yemwe ndimakhala naye ku Area 25 kuno ku Lilongwe, anaitanidwa malo awiri sabata imodzi. Ntchito zonse zinali za mu ofesi ya zowerengera ndalama. Yoyamba inali ku Kanengo, malipiro K480,000, opanda alawansi iliyonse. Yachiwiri inali mbali ya ku Biwi, ndipo kalata yake inkati K620,000. Anabwera madzulo atanyamula makalata onse awiri, nkhope ikuwala. Anati, "Amalume, apa palibenso zoganiza, kusiyana kwake ndi K140,000 yonse." Ndinamuuza kuti atenge kope ndi cholembera tikhale pakhonde, asanaimbire munthu aliyense foni.

Tinayamba ndi kuphwanya K620,000 ija, chifukwa sinali ndalama imodzi. Besiki inali K400,000, alawansi ya nyumba K140,000, ya thiransipoti K80,000. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Amaganiza kuti msonkho umadya besiki yokha, alawansi nkubwera yathunthu. Ayi. Alawansi yomwe amakupatsa ngati ndalama pamodzi ndi malipiro a mwezi imaphatikizidwa, ndipo msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE umawerengedwa pa zonsezo.

Msonkho wa PAYE umadulidwa m'magawomagawo. Malinga ndi magawo omwe anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, K150,000 yoyambirira sinkadulidwa kanthu. Kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti, ndipo yopitirira K500,000 kufika K2,550,000 ankadula 30 peresenti. Magawowa boma limawasintha kudzera mu bajeti, choncho inu powerengera zanu tengani omwe a MRA akugwiritsa ntchito mwezi womwe mukusainawo. Kawerengedwe kake ndi komweka.

Pa ntchito ya ku Kanengo, tinachotsa K150,000 pa K480,000, kutsala K330,000. Gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imeneyo ndi K82,500, ndiye msonkho wake. Pa ya ku Biwi, K350,000 ya pakati pa K150,000 ndi K500,000 inadya K87,500, ndipo K120,000 yomwe inadutsa K500,000 inadya 30 peresenti, yomwe ndi K36,000. Msonkho wonse K123,500. Tisanafike patali, pa K140,000 yomwe ankasangalala nayo ija, K41,000 inali itapita kale.

Kenako penshoni. Lamulo la penshoni m'dziko muno limati wogwira ntchito aike 5 peresenti, olemba ntchito aonjezere 10 peresenti, kapena kuposa pamenepo ngati afuna. Malo onse awiri anatiuza kuti amawerengera pa besiki. Ku Kanengo ndiye K24,000, ku Biwi K20,000. Mtsikanayo anaona ngati apa Biwi yapambana, koma ndinamuonetsa mbali inayo. Ku Kanengo abwana akanamuikira K48,000 mwezi uliwonse, ku Biwi K40,000. Kuphatikiza ndi yake, kwinaku K72,000 kwinaku K60,000. Ndalama imeneyi siyogulira ufa lero, ndiye sitinaiike mu masamu a mwezi, koma ndi yake ndithu. Kampani ikachepetsa besiki nkukulitsa maalawansi, kalata imaoneka yonenepa pomwe penshoni ikuonda, ndipo munthu amadzazindikira atakalamba.

Zodulidwa zina sizinalembedwe pa makalata aja nkomwe. Ndinamuuza aimbe foni ku ofesi yolemba anthu ntchito malo onse awiri, afunse mwaulemu kuti, kupatula msonkho ndi penshoni, pa peyisilipi pamachokanso chiyani. Ankachita manyazi, ankaopa kuti amuona ngati wadyera asanayambe nkomwe ntchito. Koma ili ndi funso loyenera, ndipo ofesi yabwino imayankha mosavuta. Ku Kanengo anati sikimu ya chipatala amalipira onse ndi akampani, iye azingodulidwa K3,000 ya kabungwe kothandizana pa maliro ndi K10,000 ya chakudya cha kukantini. Ku Biwi anati sikimu ya chipatala amagawana pakati, gawo lake K25,000, ndipo kantini kulibe.

Titachotsa zonsezi, yolowa ku banki inali K360,500 ku Kanengo ndi K451,500 ku Biwi. Biwi inali patsogolobe ndi K91,000, ndipo mtsikanayo anandiyang'ana ngati akunena kuti mwaonatu amalume. Anthu ambiri omwe amayesa kuwerengera amalekera pomwepa, ndipo ndi pomwe ine ndimatsutsana nawo kwambiri. Ndalama yolowa ku banki si yako yonse ngati gawo lina uyenera kulipereka kuti ungofika pantchitopo. Ya minibasi sumasankha, ili ngati msonkho womwe umapereka kwa kondakitala m'mawa uliwonse.

Kuchokera kwathu kupita ku Biwi ndi minibasi ziwiri, ina yokatula ku depoti mtauni, ina yopitiriza. Sitinaganizire mitengo pamutu. Lolemba lake ndinamupatsa ndalama kuti anyamuke nthawi yeniyeni yopitira kuntchito, akafike pageti la kampaniyo, madzulo abwerenso nthawi yowerukira. Anabwera kutada, nsapato zili fumbi lokhalokha, atalemba zonse kuseri kwa kope lija: K1,500 kufika mtauni, K1,000 kufika ku Biwi, pobwerera chimodzimodzi. K5,000 pa tsiku. Anaonanso ndi maso ake kuti madzulo anthu akachuluka pa siteji mtengo umakwera, koma tinasiya dala pa K5,000 kuti tisaikondere mbali imodzi.

Ndiye panali mzere wina pa kalata ya ku Biwi womwe anaudumpha powerenga: Loweruka amagwira mpaka masana. Theka la tsiku, koma minibasi sikudula theka la mtengo. Masiku oyenda anakhala 26 osati 22, ndipo 26 kuchulukitsa ndi K5,000 ndi K130,000.

Taonani bwino apa. Alawansi ya thiransipoti inalembedwa K80,000. Popeza ili pamwamba pa malipiro, m'gawo lodulidwa 30 peresenti, yofika m'manja ndi K56,000. Ulendo weniweni K130,000. Ndiye kuti mwezi uliwonse akanatapa K74,000 m'ndalama ya chakudya ndi sopo kuti akwanitse kupita kuntchito komwe amati akumupatsa thiransipoti. Ndipo alawansi yolembedwa pa kalata imakhala pomwepo, pomwe mtengo wa minibasi umatsata mafuta. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika K2,530 pa lita. Makondakitala sanadikire kuti mabwana akhale pansi akonzenso maalawansi. Wokwera basi ya kampani tsiku limenelo anakwera monga mwa masiku onse.

Ku Kanengo kunali basi yotenga antchito pamsewu waukulu. Kuchokera kunyumba kukafika pomwe imaima ndi kabaza wa K500, kubwerera K500, masiku 22, yonse K22,000. Tsiku lopanda mvula akhoza kuyenda wapansi, koma tinaiwerengera yonse.

Nkhomaliro ya ku Biwi tinaiika pa K3,000, mbale ya nsima pa kalesitilanti ka pafupi komwe anakafunsa tsiku lomwe lija. Masiku 22, kusiya Loweruka, ndi K66,000. Wina anena kuti akanatha kumanyamula chakudya kunyumba. Zoona, ndipo ambiri amatero. Koma munthu wonyamuka kusanache nkubwera usiku saphika tsiku lililonse, ndipo chonyamulacho nachonso chimagulidwa. Ine ndimati werengerani moyo womwe mudzakhaledi, osati womwe mukulonjeza mumtima tsiku lolandira kalata.

Pamapeto pa kope panatsala nambala ziwiri. Kanengo: K360,500 kuchotsa K22,000, kutsala K338,500. Biwi: K451,500 kuchotsa K130,000 ndi K66,000, kutsala K255,500. Ntchito yomwe inkaoneka yoposa inzake ndi K140,000 inali yochepera ndi K83,000 mwezi uliwonse, kuonjezera apo Loweruka lililonse ali kuntchito. Mtsikanayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anabwereza masamu onse yekha pa foni, mzere ndi mzere. Ndinakondwa kuti anatero, chifukwa sindinkafuna akhulupirire ine, ndinkafuna akhulupirire zomwe wawerenga yekha.

Anayesa kuiteteza ntchito ya ku Biwi ndi mfundo imodzi yomwe ndikufuna ndiitchule, chifukwa imakola anthu ambiri. Pa intavyu anamuuza kuti kumakhala maulendo a kumaboma, ndipo ukagona kunja umalandira alawansi yabwino. Ndinamufunsa kuti zalembedwa pati. Sizinalembedwe. Ndinafunsanso kuti maulendowo ndi angati pa mwezi. Sanamuuze. Ndalama yotere ine ndimailemba ziro. Ikabwera tidzathokoza, koma lendi ndi ngongole sizilipiridwa ndi ulendo womwe ungathe kulephereka chifukwa galimoto ilibe mafuta kapena abwana asankha wina. Chimodzimodzi bonasi ya kumapeto kwa chaka yomwe amati imatengera mmene kampani yachitira, ndi ovataimu yomwe sikudziwika kuti imakhalapo liti.

Sindikunena kuti ntchito ya malipiro ochepa ndiyo yabwino nthawi zonse, ndipo sindikuinyoza kampani ya ku Biwi ija. Masamuwa amatengera komwe munthu akugona. Tinayesanso kuwerengera ngati akanakhala ku Mchesi kapena ku Kawale, kokwera minibasi imodzi ya K800. Thiransipoti ikanatsika kufika K41,600, yotsala nkukhala K343,900, kuposa ya ku Kanengo pang'ono. Kwa munthu wokhala kale mbali imeneyo, Biwi inali ntchito yabwino. Koma iye kuti asamuke, akanasiya nyumba yomwe amangothandizira magetsi ndi ndiwo, nkukayamba kulipira lendi yekha, ndipo phindu lonselo likanathera kwa alandilodi. Ntchito imodzi yomweyo, anthu awiri, mayankho awiri. Nchifukwa chake sindigwirizana ndi zofunsa anzathu kuti kodi K620,000 ndi ndalama yabwino. Amene akuyankhayo sakudziwa siteji yomwe mumakwerera.

Palinso nthawi yomwe munthu angatenge ntchito yotsala ndi zochepa mwadala, chifukwa kumeneko aphunzira zambiri kapena njira yokwezedwa ndi yotseguka. Ndilibe nazo vuto, bola adziwe mtengo wake. Kunena kuti ndikulolera kutaya K83,000 pa mwezi kwa zaka ziwiri kuti ndiphunzire ntchito iyi ndi chisankho cha munthu wamkulu. Chomwe chimandipweteka ndi kuona mwana akutulukira zimenezi pa 15 mwezi, ya minibasi itatha, akuyamba kuyenda kwa a katapila.

Mtsikanayo asanayankhe anaimbanso ku Biwi, nawauza mwaulemu kuti ulendo wake ndi K130,000 pa mwezi, ngati angakwezeko alawansi ya thiransipoti kapena kumuchotsera Loweruka. Anamuyankha kuti malipiro a udindo umenewo ndi okhazikika, sangasinthe. Anathokoza, ndipo Lachisanu lake anakasaina ku Kanengo. Peyisilipi yake yoyamba itatuluka anabwera nayo pakhonde pomwe paja, tinaiika pambali pa kope lija, ndipo mzere wapansi unalembedwa K360,500.