Bwana alembe okha kuti kuwaimbira foni si mwano

Maofesi angapo muno mu Blantyre akhala akutulutsa chidziwitso chofanana: kuti pali maimelo akubwera m'dzina la mkulu wa kampani, opempha kuti ndalama zitumizidwe mwachangu, ndiye antchito nonse khalani tcheru. Ndi bwino kuti achenjeza. Koma ine ndikuona kuti chidziwitso chothera pa mawu akuti "khalani tcheru" chikusenzetsa katundu yense mtsikana kapena mnyamata wa ku akaunti, pomwe chimene chimamugwetsa m'mbuna si tulo ayi. Amagwa chifukwa choopa bwana.

Tiyeni titenge chitsanzo, tichione bwinobwino. Ndi Lachisanu, nthawi yadutsa 3 koloko masana, mu ofesi ina ku Ginnery Corner. Bwana ali ku msonkhano ku Mangochi, ndipo aliyense akudziwa, chifukwa zithunzi za msonkhanowo zili kale pa Facebook. Imelo yoyamba ikufika kwa wothandizira akauntanti. Siitchula ndalama. Imangoti: muli pa desiki? Pali kanthu kachangu, ndili mu msonkhano, sindingayankhe foni. Mwanayo akuyankha mwaulemu kuti ndilipo bwana. Apo wakuba wadziwa kuti nyambo yadyedwa. Imelo yachiwiri ndiyo imabwera ndi nambala ya akaunti ya ku banki, dzina la kampani yomwe ofesiyo sinagulepo kanthu, ndi K18,500,000 yoti ipite banki isanatseke. Pansi pake pali mawu awiri amene ndi mtima wa chinyengo chonse: mapepala tidzakonza Lolemba, ndipo musauze wina aliyense chifukwa nkhaniyi ikadali yachinsinsi.

Onani mmene zalukidwira. Changu chikuchotsa nthawi yoganiza. Msonkhano ukutseka njira ya foni. Chinsinsi chikuchotsa mnzako wa desiki yoyandikana, amene akanati aah, imeneyo ndi kampani iti? Ndipo Lachisanu madzulo lasankhidwa dala, kuti pofika Lolemba m'mawa pamene bwana akufunsidwa za vocha, ndalama zikhale zitagona kunja masiku awiri.

Tsopano dziikeni m'malo mwa mwanayo. Wayamba ntchito chaka chatha, kunyumba ku Ndirande kapena ku Bangwe anthu akudalira malipiro ake. Anakula akuphunzitsidwa kuti wamkulu akakutuma sufunsa kuti chifukwa chiyani. Mwina anaonapo bwana yemweyo akukalipira munthu chifukwa chochedwetsa malipiro. Lero mukufuna kuti aimbe foni, atulutse bwana mu msonkhano, n'kufunsa kuti kodi ndinudi mwalemba? Kwa iye funso limeneli likumveka ngati akuti bwana, ndikukukayikirani. Ambiri sangayerekeze, ngakhale mtima ukugunda kuti pali china chake. Timati safunsa anadya phula, koma m'maofesi mwathu wofunsa ndi amene amaoneka wamwano, ndipo akubawa zimenezi amazidziwa bwino kuposa ife.

N'chifukwa chake ndikuti chidziwitsocho chisachokere kwa a zamakompyuta okha. Chisainidwe ndi bwana mwini wake, ndipo chinene zinthu zomanga iyeyo: ine sindidzakupemphani kutumiza ndalama kudzera pa imelo kapena pa WhatsApp popanda vocha ndi siginecha yachiwiri. Mukalandira uthenga wotere m'dzina langa, ndiimbireni pa nambala imene muli nayo kale, ngakhale ndili mu msonkhano, ngakhale ndili pa maliro. Ndikapanda kuyankha, ndalama zidikire, ndipo palibe amene adzadzudzulidwe chifukwa chodikira. Mawu omalizawo ndi amene amagwira ntchito. Popanda iwo, chidziwitso changouza wantchito kuti akalakwitsa mlandu ndi wake, akachedwetsa mlandu ndi wakenso.

Ndipo bwana akalemba zimenezi azisunge. Ndikunena izi chifukwa mabwana ena ndi amene amaphunzitsa antchito awo kubedwa. Ngati mwezi ndi mwezi mumatumiza uthenga muli pa ulendo woti lipirani kaye, mapepala abwera, ndiye kuti tsiku limene wakuba adzalemba chimodzimodzi, palibe chimene chidzaoneke chachilendo. Wakuba sakuyambitsa khalidwe latsopano, akungolowa pa khomo limene inu mumalowera.

Za kuzindikira imelo yabodza, pali zingapo zoti wantchito aliyense aonetsedwe pa kompyuta, osati kungowerenga pa pepala. Dzina limene limaoneka pamwamba pa imelo si umboni wa chilichonse, chifukwa aliyense angatsegule imelo yaulere n'kulembapo dzina la bwana wanu. Pa foni m'pamene anthu amapusitsidwa kwambiri, popeza nthawi zambiri imangoonetsa dzinalo, adiresi yeniyeni n'kubisika mpaka mutadina pa dzinapo. Ena amavutikira kwambiri, amalembetsa adiresi yofanana ndi ya kampani yanu. Tiyerekeze kuti yeniyeni ndi yoyambayi:

```
mkulu@malondaathu.mw
mkulu@rnalondaathu.com
```

Yachiwiriyo yayamba ndi r ndi n zogundana, zomwe pa sikirini yaing'ono zimaoneka ngati m, ndipo mathero ake asintha. Munthu wotopa, amene akuganiza za mzere wa minibasi, saona kusiyanako. Palinso njira ina yobisika kuposa apa. Adiresi ya pa From imatha kuoneka yolondola, koma mkati mwa imelo muli mzere wa Reply-To wolozera kwina. Njira yophweka yoonera ndi kudina Reply, n'kuyang'ana adiresi imene yatulukira pa To musanalembe kalikonse. Ngati yasiyana ndi ya bwana, imani pomwepo. Amene amagwiritsa ntchito Gmail pa kompyuta angathenso kusankha Show original kuti aone mizere yonseyi.

Koma apa m'pamene ndikufuna timvetsetsane, chifukwa zidziwitso zambiri zimathera pa kuyang'ana adiresi ngati kuti basi nkhani yatha. Nthawi zina adiresi imakhala yeniyeni ndithu. Bwana anadina linki ina mwezi watha, nalemba pasiwedi yawo pa tsamba labodza, ndipo kuyambira pamenepo wakuba ali m'bokosi lawo la maimelo, akuwerenga mwakachetechete. Akudziwa amene amakonza malipiro, akudziwa mmene bwana amaperekera moni, akudziwa tsiku limene akupita ku nyanja. Kawirikawiri amaikanso lamulo m'bokosimo loti mayankho ochokera ku akaunti azipita ku foda yobisika, kuti bwana asawaone. Imelo yotere ilibe chilema chilichonse choti diso lingagwire. Kuyankha imeloyo kuti bwana tsimikizani sikuthandiza, chifukwa wotsimikizayo ndi wakuba yemweyo. Kuimba nambala yolembedwa pansi pa imeloyo sikuthandizanso. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wa nambala yachilendo yokhala ndi chithunzi cha bwana, wonena kuti foni ina yathima, ndi msampha womwewo. Chotsala ndi chimodzi: njira ina yosiyana ndi imene uthenga wadzera, pa nambala imene munali nayo kale uthengawo usanabwere.

Wina anganene kuti izi ndi za makampani osasamala. Ayi ndithu. Mu 2016 kampani ya ku Austria yotchedwa FACC, yopanga zipangizo za ndege, inataya mayuro oposa 40 miliyoni pa imelo yonamizira kuchokera kwa mkulu wake, ndipo pamapeto pake mkuluyo anachotsedwa ntchito. Anali ndi akatswiri a makompyuta ndi a zachuma kuposa ofesi zathu zambiri za ku Limbe ndi mu Victoria Avenue. Ndalama zinatulukabe, chifukwa amene anazitumiza anakhulupirira kuti akumvera bwana.

Siginecha yachiwiri nayonso timaidalira mopitirira. M'maofesi ambiri malipiro a pa intaneti amafuna anthu awiri, wina kulowetsa, wina kuvomereza. Koma ngati wovomerezayo akungoona imelo yomweyo imene mnzake wamutumizira, n'kunena kuti poti ndi bwana tiyeni nazo, ndiye kuti anthu awiri apusitsidwa ndi kalata imodzi. Wachiwiriyo afunse zake: invoisi ili kuti, katundu kapena ntchito yake ndi iti, akaunti iyi tinayamba tailipirapo, ndani walankhula ndi bwana pakamwa? Akaunti yatsopano, kapena kalata yoti amene timawagula katundu asintha banki, izo zokha zikhale chifukwa chokwanira choimitsira malipiro mpaka wina aimbe foni.

Chomaliza chimene ndimachisowa m'zidziwitsozi ndi cha munthu amene watumiza kale. Ameneyu ndi amene ali ndi mphindi zamtengo wapatali, koma mantha amamuchititsa kukhala chete mpaka Lolemba, akupemphera kuti mwina anali bwanadi. Ndalama zotere sizikhalitsa pomwe zafikira. Zimagwera mu akaunti ya munthu wobwerekedwa dzina, n'kugawidwa ku maakaunti ena, zina ku Airtel Money ndi Mpamba, n'kutapidwa pang'onopang'ono kwa ma ejenti. Ola lililonse likudutsa, zotsala zoti banki ingagwire zikuchepa. Choncho chidziwitso chinene poyera kuti ukazindikira kuti watumiza, imbira banki yathu nthawi yomweyo, upereke nambala ya malipirowo, ndalama zake ndi akaunti yomwe zapita, upemphe kuti alumikizane ndi banki yolandirayo kuti aimitse akauntiyo. Nambala ya munthu wa ku banki woti aimbiridwe ilembedwe pa chidziwitso pomwepo. Kenako uza akuluakulu, nkhani ipite ku polisi ya Fiscal. Imelo isafufutidwe, chifukwa ndi umboni, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linaikidwa kuti milandu ya pa makompyuta ngati imeneyi izitha kuzengedwa. A zamakompyuta asinthe pasiwedi ya bwana tsiku lomwelo, ayang'ane malamulo obisika aja m'bokosi, ndipo aike chitetezo chachiwiri chofuna nambala ya pa foni polowa.

Banki siingalonjeze kuti ndalama zibwerera, makamaka popeza malipirowo anavomerezedwa ndi anthu oyenera a kampani. Koma wonena msanga amapatsa kampani mwayi umene wobisa amautaya, ndiye chidziwitso chimutsimikizire kuti kunena msanga kudzawerengedwa ngati chinthu chabwino pa mlandu wake.

Inu amene muli ndi udindo wolemba zidziwitsozi, musanakhome pa bolodi, pitani nacho kwa bwana. Apempheni awonjezere ndime yawoyawo ija ndi kusainira, ndipo pa msonkhano wa antchito wotsatira ainene ndi pakamwa pawo, akuyang'ana ana a ku akaunti aja kumaso.