Mwasiya mapiritsi chifukwa cha ufa wa ku jimu? Mwapenga?

Loweruka lapitali achemwali anandiimbira foni m'bandakucha, mawu akunjenjemera. Akuti mwana wawo wadzitsekera m'chipinda masiku atatu, nsima ikungobwerera pakhomo itazizira. Ndinakwera kabaza mpaka ku Chibavi, chifunga chili tolo, mphepo ya Mzuzu ikuluma makutu. Nditagogoda kwa nthawi anatsegula. Mnyamata wazaka 24, mapewa ngati chitseko cha galaja, koma maso olowa ngati wachokera kumaliro. Pawindo panali chigubu cha pulasitiki cha ufa woyera, kasupuni kali m'kati. Mapiritsi amene anapatsidwa kuchipatala ndinawapeza pansi pa matiresi, mapaketi awiri osatsegula.

Ndinati, "Iwe, awa unasiya liti?"

"Amalume, papita miyezi iwiri. Anzanga ku jimu anati ufa uwu wa kiriyetini umachiza dipuleshoni, asayansi anatsimikiza. Mapiritsi aja ndi a amisala."

Asayansi ati? Anatsimikiza kuti, kumsika wa Taifa?

Ine zandikwana. Mwana wa munthu adwale matenda a kukhumudwa, makolo avutike naye mpaka apeze thandizo, ayambe kudya, ayambe kuseka, ndiye kubwere mnyamata wonyamula zitsulo zamasimenti kuseri kwa nyumba n'kumuuza kuti taya mankhwala? Dokotala wake ndi TikTok? Wina ku Luwinga ndamva akugulitsa ufawu m'timapepala ta shuga, topanda dzina, topanda tsiku. Wina akuthira masupuni anayi mu tiyi poganiza kuti kuchuluka ndiye kuchira msanga. Wina wadya ndalama ya lendi kugula chigubu, pamene mapiritsi a kuchipatala cha boma anali kulandira ulere.

Musandiyese nkhalamba yodana ndi zatsopano. Kiriyetini si poizoni. Thupi lanu lomwelo limamupanga m'chiwindi ndi m'impso, pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo wina mumamudya mu nyama ndi nsomba, ngakhale usipa wa ku Nkhata Bay. Pafupifupi yense amakhala m'minofu, wochepa chabe ndiye amapezeka mu ubongo. Ntchito yake ndi kubwezera mphamvu msanga pamene nyama za m'thupi zaitha. Ubongo nawo ndi chilombo pakudya mphamvu, n'chifukwa chake ofufuza anayamba kufunsa ngati ufawu ungathandize munthu wokhumudwa. Funso labwino ndithu. Koma funso si yankho.

Kafukufuku amene anyamatawa amamutchula osamuwerenga anachitika ku South Korea ndipo anatuluka mu 2012. Anatenga amayi 52 odwala matenda a kukhumudwa. Onse, ndikuti onse, anapatsidwa mankhwala a kuchipatala otchedwa esitalopulamu. Pamwamba pa mankhwalawo, ena anawonjezeredwa kiriyetini wofika magalamu 5 patsiku, ena anapatsidwa chinthu chongofanana naye chopanda kanthu. Anawatsata masabata 8. Amene anawonjezeredwa kiriyetini anayamba kupeza bwino msanga, kuyambira sabata yachiwiri, ndipo anachira kuposa anzawo. Nkhani yabwino, sindikukana. Tsono ndiwonetseni mayi mmodzi mwa 52 aja amene anauzidwa kuti abise mapiritsi pansi pa matiresi. Palibe! Ufawo unali ndiwo, nsima inali mankhwala. Inu mwataya nsima, mukunyambita msuzi, mukuti mwadya.

Ndipo taonani kuchepa kwake. Anthu 52, amayi okhaokha, miyezi iwiri yokha. Basi ya ku Lilongwe imanyamula anthu oposa amenewo. Ku India nako anayesa pa anthu 100, zotsatira zinatuluka mu 2025, ndipo kumenekonso ufawo unaperekedwa pamodzi ndi uphungu wa akatswiri, osati m'malo mwake. Iwe mnyamata wa ku Zolozolo, wopanda piritsi, wopanda phungu, uli ndi kasupuni kokha, uli mu kafukufuku uti?

Chimene chinapusitsa mwana wa achemwali ndi ichi, ndipo mumve bwino. Iye ankamwa fuluwokisetini. Mankhwala amenewa sachoka msanga m'thupi, amatsalira m'magazi kwa masabata angapo munthu atasiya. Ndiye sabata yoyamba atasiya anali bwinobwino. Yachiwiri bwinobwino. Sikelo inakwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka, iye n'kumati thanzi labwera, osadziwa kuti kiriyetini amakokera madzi m'minofu. Anayamba kulalikira kwa anzake kuti ufa wandichiza. Kumeneko kunali kuyamika khasu la eni, pakuti amene ankamugwirabe ndi mapiritsi omwe anawanyozawo. Atatheratu m'thupi, mdima unabwerera pang'onopang'ono. Tulo kudukira 3 koloko usiku. Chakudya osachifuna. Foni kuzimitsa. Ku jimu komweko anasiya kupita. Anzake olalikira aja anabwera kudzamuona? Ngakhale mmodzi!

Amene mukumwa amitiriputilini, inu ndiye musayerekeze n'komwe. Ameneyo ukamusiya mwadzidzidzi, masiku ochepa okha wayamba nseru, mutu, kusowa tulo, kukwiya ndi chilichonse. Mankhwala a matendawa amamwedwa miyezi 6 kapena kuposerapo munthu atayamba kale kupeza bwino, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira. Si panado ameneyu.

Pali china chimene ogulitsa ufa sangakuuzeni, poti nawonso sachidziwa. Alipo anthu amene kukhumudwa kwawo kumasinthana ndi kusangalala kopyola muyeso, matenda aja amati baipola. Ku Israel mu 2007 anayesa kiriyetini pa odwala 10. Awiri mwa iwo anali a baipola, ndipo onse awiri anatembenukira ku mbali inayo. Mukuidziwa mbali imeneyo? Munthu osagona usiku wonse koma osatopa, kulankhula ngati wailesi, kugulitsa katundu wa m'nyumba kuti ayambe bizinesi zisanu tsiku limodzi. Kodi wa timapepala ta shuga uja anakufunsani ngati kwanu kuli matenda amenewa? Anakufunsani za impso zanu? Anakufunsani ngati mukumwa ma ARV, omwe ena mwa iwo amafuna kuti impso ziziyezedwa? Ufawu umatha kukweza nambala imene achipatala amayang'ana poyeza impso, ndiye iwe ukabisa kuti ukumwa, dokotala aziona ngati impso zikuwonongeka, asinthe mankhwala pachabe. Mukusewera ndi moyo ngati bawo.

Nanunso makolo ndi azibusa ena muli momwemo. Mwana akamwa piritsi la maganizo mumanong'ona ngati waba nkhuku, koma akabwera ndi chigubu cha zilembo zachingerezi mumati akudzisamala. Manyazi amenewo ndi amene anakankhira mapaketi aja pansi pa matiresi. Mzuzu muno tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. A St John of God ali pompano ndipo ntchito yawo ndi yomweyi, chipatala chachikulu cha Mzuzu chiliponso. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino ndingofa, kapena kugawa zinthu zake, musadikire Lolemba, musamusiye yekha, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Wathuyu tinapita naye Loweruka lomwelo, chigubu chake chili m'jumbo. Adokotala anachitembenuza, n'kuwerenga, n'kunena kuti nkhani ya ufa tidzakambe mwezi wamawa akayezedwa magazi, lero ayambirenso mankhwala. Tsopano adikirenso masabata angapo kuti mankhwalawo agwire ntchito, ulendo umene anali atauyenda kale.

Ndipo iwe amene unamuuza kuti asiye, ndikukudziwa, umadutsa pa Katoto ndi kamalaya kothina. Nyamula zitsulo zakozo, za mankhwala a anthu utseke pakamwa.